Chifukwa chake mphaka wamwamuna wosathena amayendayenda, amamenyana komanso amawaza mkodzo

Funso: Adokotala, mphaka wanga wamwamuna ali ndi miyezi 11 ndipo sanathenedwe. Poyamba anali wofatsa, koma tsopano amasowa masiku awiri kapena atatu, amabwera ndi mabala kumutu, ndipo wayamba kukodzera chitseko ndi makatani ataimirira. Fungo lake ndi losapiririka. Kodi wadwala, kapena akungochita mwano? Nanga ndikamuthena panopa zimenezi zidzatha?

Yankho: Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Zinthu zitatu zomwe mwatchulazo zimaoneka ngati mavuto osiyana, koma gwero lake ndi limodzi, ndipo gwerolo si mwano. Mphaka wanu wakula, ndipo thupi lake layamba kumutuma kukafunafuna amphaka aakazi. Amphaka aamuna ambiri amatha msinkhu ali ndi miyezi ya pakati pa 6 ndi 9, ngakhale kuti ena amafulumira ndipo ena amachedwa mpaka chaka chathunthu. Pa nthawiyi mavalo ake, omwe ndi ziwalo zimene timachotsa pothena, amayamba kupanga homoni yotchedwa tesitositeroni yochuluka, ndipo homoniyi imasintha thupi ndi khalidwe lomwe. Masaya amatupa ndi kulimba, khungu la m'khosi limakhuthala, mkodzo umasintha fungo, ndipo mphaka yemwe ankakhutira kugona pampando amayamba kudikirira pakhomo dzuwa likangolowa.

Ndiyambe ndi kuyendayendako, chifukwa zina zonsezo zimachokera pamenepo. Mphaka wamkazi amasankha malo okhala potengera chakudya ndi pobisalira ana ake, choncho akapeza zimenezi safuna kupita patali. Wamwamuna wosathena amayeza dera lake potengera kumene kuli akazi. Akatswiri omwe atsatira amphaka oyenda momasuka apeza kuti dera la wamwamuna limakhala lalikulu kuwirikiza katatu kapena kuposerapo poyerekeza ndi la wamkazi, ndipo limakula kwambiri pa nyengo imene akazi akufuna amuna. Wamkazi akafika pa nyengo imeneyi amalira mokuwa usiku, amagubuduka pansi, ndipo mkodzo wake umanyamula fungo limene amuna amalimva ali kutali. Nyengoyi imatenga pafupifupi sabata imodzi, ndipo ngati sanatenge bere imabweranso pakapita masabata awiri kapena atatu. Ndiye mukaona mphaka wanu wasowa masiku atatu n'kubwera wowonda, wanjala ndi wa ubweya wonyankhalala, nthawi zambiri amakhala kuti anapeza wamkazi wotere ndipo anakhala pafupi naye usana ndi usiku, osaganizanso za chakudya.

Pamene pali wamkaziyo sipakhala mphaka wanu yekha, chifukwa amuna ena amvanso fungo lomwelo. Pali chinthu china m'chilengedwe cha amphaka chimene chimakulitsa mpikisanowu: nthawi zambiri wamkazi satulutsa mazira mwa iye yekha pa nthawi yoikika monga zimachitira nyama zina zambiri, koma amawatulutsa chifukwa chokweredwa, ndipo kawirikawiri pamafunika kukweredwa kangapo. Chiwalo cha wamwamuna wosathena chili ndi timinga ting'onoting'ono tomwe timathandiza kuyambitsa zimenezi, n'chifukwa chake wamkazi amakuwa ndi kutembenukira mwamunayo ndi zikhadabo akangomaliza. Popeza wamkaziyo amalola amuna angapo pa nyengo imodzi, ana obadwa tsiku limodzi akhoza kukhala ndi abambo osiyana. Mwamuna amene wakhala pafupi nthawi yaitali n'kupirikitsa anzake ndi amene ali ndi mwayi waukulu wosiya mbewu yake, ndipo nkhondo zomwe mumazimva usiku zimachokera pamenepa.

Komabe amphaka sakonda kumenyana monga mmene anthu amaganizira. Mukadzaona amuna awiri atakumana, mudzaona kuti amatha nthawi yaitali akuyang'anizana, miyendo itaongoka, ubweya wa pamsana utaima, mitu itapendekeka pang'ono, uku akulira kulira kotalika kokwera ndi kutsika. Nthawi zambiri zimathera pomwepo, mmodzi n'kuchoka pang'onopang'ono osatembenuka msanga. Ndewu yeniyeni imabuka makamaka pamene awiriwo ndi ofanana mphamvu, kapena pamene mmodzi ndi wachinyamata yemwe sanadziwebe malo ake pakati pa akuluakulu. Apa ndi pomwe pali mphaka wanu. Pa miyezi 11 chilakolako ali nacho chonse, koma thupi lake silinafike pa la mphaka wa zaka zitatu kapena zinayi, amene masaya ake okhuthala aja amamuteteza ngati chishango pamene mnzake akufuna kumuluma pakhosi. Amphaka a msinkhu wa wanuyo ndi amene ndimawalandira kawirikawiri ali ndi mabala. Malo a balalo amandiuzanso nkhani yake: mabala a kumaso, m'makutu, m'khosi ndi m'miyendo yakutsogolo amasonyeza kuti mphakayo analimba mtima n'kuyang'anizana ndi mdani wake, pamene a patsinde pa mchira ndi m'ntchafu amasonyeza kuti analumidwa akuthawa.

Tsopano ndifike pa mkodzo, womwe ndikudziwa kuti ndi umene wakutopetsani kwambiri. Kuwaza mkodzo ndi kosiyana ndi kukodza, ndipo mukhoza kusiyanitsa ndi maso anu. Mphaka akamakodza amanyonyomala pamalo athyathyathya, amatulutsa mkodzo wambiri, kenako amafukula dothi kapena mchenga n'kukwirira. Akamawaza amayamba wanunkhiza malowo, amatembenuka n'kulozetsa kumbuyo kwake ku chinthu choimirira monga khoma, chitseko, mwendo wa tebulo kapena tayala la galimoto, amaimika mchira uku nsonga yake ikunjenjemera, nthawi zina amapondaponda ndi miyendo yakumbuyo, ndipo amatulutsa timkodzo tochepa kwambiri molunjika kumbuyo. Akatero amangochoka osakwirira, chifukwa cholinga chake n'chakuti fungolo limveke. Mukayang'ana pakhomapo mudzapeza kamzere kotsetsereka koyambira pa msinkhu wa mphuno ya mphaka, ndipo zimenezi sizichitika mwangozi, chifukwa uthengawo waikidwa pomwe mphaka wina wodutsa angaupeze mosavuta.

Fungo loopsalo lili ndi chiyambi chake chodziwika bwino. Mumkodzo wa amphaka muli chinthu china chotchedwa felinini, chomwe chili ndi salufa, ndipo chinatulukiridwa m'chaka cha 1953. Impso za mphaka zimatulutsa puloteni yotchedwa kokisini imene imathandiza kupanga felinini, ndipo zonse ziwirizi zimachuluka kwambiri mwa wamwamuna wosathena kusiyana ndi wamkazi kapena wothenedwa, chifukwa tesitositeroni ndi imene imalamula kuchuluka kwake. Felinini payokha sinunkha kwenikweni, koma ikakhala kunja imaphwanyika pang'onopang'ono n'kutulutsa mpweya wa salufa umene umaboola mphuno. N'chifukwa chake malo omwe anawazidwa dzulo amatha kununkha kuposa omwe awazidwa kumene, ndipo fungolo limadzukanso kukachita chinyezi. Thupi limapanga felinini kuchokera ku zomanga thupi zimene mphaka amapeza mu nyama, motero akatswiri ena amaganiza kuti mwamuna wa fungo lamphamvu amakhala akulengeza kuti amadya bwino ndiponso ndi wathanzi. Maganizo amenewa ndi omveka kwa ine, ngakhale kuti ndimawatenga ngati kufotokoza kothekera chabe.

Anthu ambiri amati mphaka akuika malire a dera lake, ngati kuti mkodzowo ndi mpanda woletsa ena kulowa. Ine ndimaona kuti mawu amenewa amasocheretsa pang'ono. Madera a amphaka aamuna amalowana kwambiri, ndipo mphaka akapeza pomwe mnzake anawaza sathawa ayi. Amaima, amanunkhiza mofatsa, ndipo kawirikawiri amayasamula pang'ono n'kukweza mlomo wam'mwamba, maso ali gwa, ngati wazizwa ndi kanthu. Pamenepo amakhala akukokera fungolo ku kachiwalo kapadera kamene kali pamwamba pa m'kamwa, kuseri kwa mano akutsogolo, kotchedwa chiwalo cha Jacobson, komwe kamawerenga mauthenga a m'fungo. Amphaka amanunkhiza nthawi yaitali mkodzo wa mlendo kusiyana ndi wa mphaka yemwe amamudziwa, ndiponso watsopano kusiyana ndi wakale. Choncho chizindikirocho chimagwira ntchito ngati chikwangwani cha panjira chonena kuti wadutsa ndani, ndi wamwamuna kapena wamkazi, ndipo wadutsa liti. Kwa akazi ndi kudzionetsa, pamene kwa amuna anzake ndi njira yoti azigwiritsa ntchito njira imodzi pa nthawi zosiyana popanda kukumana maso ndi maso. Popeza fungo limazilala, mphaka yemwe anawazayo amayenera kubwerera kukawazanso, ndipo ichi ndi chifukwa chake amabwereza pamalo omwewo.

Mfundo imeneyi ikuthandizani kuwerenga nyumba yanu. Mwatchula chitseko ndi makatani, ndipo amenewa ndi malo omwe fungo ndi maonekedwe a kunja zimalowera. N'kutheka kwambiri kuti pali mphaka wina amene amadutsa pakhomo panu usiku, mwinanso kuwaza kunja kwa chitseko chomwecho, ndipo wanuyo akuyankha ali mkati. Kanunkhizeni kunja kwa chitseko ndi pansi pa mawindo, ndipo mukapeza fungo kumeneko mutsukenso. Kumumenya, kumukalipira kapena kumukhudzitsa mphuno pa mkodzowo sikungathandize, chifukwa mphaka wamantha amawaza kwambiri pofuna kudzizungulira ndi fungo lake lomwe, ndipo chomwe angaphunzire n'kuwaza inu mukachokapo basi.

Musanaganize kuti zonse ndi khalidwe chabe, pali chinthu chimodzi chomwe ndikupemphani kuti muchiyang'anitsitse, chifukwa chimapha. Njira ya mkodzo ya mphaka wamwamuna ndi yopapatiza kwambiri ndipo imatha kutsekeka ndi timiyala kapena zotupa za m'chikhodzodzo. Mphaka amene akunyonyomala pafupipafupi, akudzikakamiza koma kungotuluka timadontho kapena osatuluka kanthu, akulira pokodza, akunyambita kumaliseche kosalekeza, kapena mkodzo wake uli ndi magazi, ameneyo sakuwaza, akudwala. Njirayo ikatsekekeratu impso zimalephera kugwira ntchito ndipo mphaka akhoza kufa pa masiku awiri kapena atatu okha, choncho ameneyo ndi wofunika dokotala tsiku lomwelo. Mmene mwafotokozera, kuti amaimirira n'kulunjika pa zinthu zoimirira, zikundipatsa chithunzi cha kuwaza, koma onetsetsani kuti amakodzanso bwinobwino pa nthawi zina.

Mabala aja nawonso musawapeputse. Dzino la mphaka ndi lowonda ndi lakuthwa ngati singano, limalowa mozama n'kusiya tizilombo ta m'kamwa pansi pa khungu, kenako kabowoko kamatsekeka msanga pamwamba. Ndikumbukira mphaka wina wa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri amene anabwera naye kwa ine ali wofooka ndipo atakana chakudya kwa masiku awiri. Mwini wake anati anabwera kunyumba masiku anayi m'mbuyomo akutsimphina pang'ono koma wopanda bala looneka. Nditamuyeza ndinapeza kutentha kwa thupi kwadutsa madigiri 40, pamene kwa mphaka wathanzi kumakhala pakati pa 38 ndi 39 kapena kupitirira pang'ono. Nditapapasa tsaya lakumanzere ndinamva chotupa chofewa ndi chotentha, ndipo nditameta ubweya ndinapeza timabowo tiwiri tokhala ndi nkhanambo, motalikirana ngati mano awiri aatali a mphaka mnzake. Chinali chithupsa chodzaza mafinya. Tinamugoneka ndi mankhwala, tinachiboola, tinatsuka mkati mwake n'kusiya kabowo kotulukira zotsalira, ndipo tinamupatsa mankhwala opha tizilombo ndi oletsa ululu. Chithupsa chotere chimaonekera pakapita masiku awiri mpaka asanu chilumidwire, ndipo mphaka akafika kwa dokotala tsiku loyamba lomwelo nthawi zambiri chimapeweka. Chonde musamupatse panado kapena mankhwala ena a anthu oletsa ululu, chifukwa chiwindi cha mphaka sichitha kuphwanya parasetamo ndipo m'bulu umodzi wokha ukhoza kumupha.

Choopsa kwambiri kuposa chithupsa ndi matenda amene amalowera pa bala lomwelo. Kachilombo ka FIV, kamene kamafooketsa chitetezo cha m'thupi mwa amphaka, kanatulukiridwa m'chaka cha 1986 ku California, ndipo kamafala makamaka kudzera m'malovu pa kulumana kozama. N'chifukwa chake amphaka aamuna osathena oyenda kunja ndi amene amapezeka nako kwambiri. Kachilomboka sikagwira anthu, koma kakalowa mwa mphaka sikachoka moyo wake wonse. Chiwewe nacho chimafala polumana, ndipo chimenechi chimapha anthu, choncho katemera wa chiwewe asamadutse nthawi yake. Pa chifukwa chomwechi musalowetse dzanja pakati pa amphaka omwe akumenyana. Ombani m'manja mwamphamvu, athireni madzi kapena ikani thabwa pakati pawo, ndipo wanuyo musamunyamule mpaka mtima wake utatsika, chifukwa pa nthawi imeneyo amaluma aliyense. Mukalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kunena za kuthena, yankho langa ndi lakuti mumuthene, ndipo simunachedwe. M'chaka cha 1973 katswiri wa khalidwe la ziweto Benjamin Hart ndi mnzake, ku yunivesite ya California ku Davis, anafalitsa zomwe anapeza atatsatira amphaka omwe anathenedwa atakula kale. Pa amphaka 10 alionse, pafupifupi 9 anasiya kapena anachepetsa kwambiri kumenyana, kuyendayenda ndi kuwaza mkodzo. Ena anasintha m'masiku ochepa, ena pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, ndipo msinkhu umene mphaka anathenedwera sunaoneke kuti ndi umene unkalamula zotsatira zake. Zimene ndimaona pa ntchito yanga zimagwirizana ndi zimenezi. Mphaka wa chithupsa uja tinamuthena bala litapola, ndipo mwini wake anandiuza kuti fungo lamphamvu lija linazilala m'sabata yoyamba, kuwaza kunatha mwezi usanathe, koma chizolowezi chotuluka usiku chinatenga pafupifupi miyezi itatu kuti chichepe. Ndondomeko imeneyi ndi yomveka, popeza fungo limadalira homoni mwachindunji, pamene njira zomwe mphaka wazolowera kuyenda zimakhalanso m'mutu mwake.

Sindikufuna kukulonjezani zoposa zoona. Pafupifupi mphaka wamwamuna mmodzi pa 10 othenedwa amapitirizabe kuwaza, ndipo ngakhale akazi ena otsekedwa amatero, chifukwa kuwaza kumayambanso ndi nkhawa, kuchulukana kwa amphaka m'nyumba imodzi, kapena mlendo wosuzumira pawindo. Kuthena sikuletsanso mphaka wina kubwera kudzamuputa pakhomo pake. Pali vuto lina losowa koma loyenera kulidziwa: amphaka ena amakhala ndi valo limodzi lomwe silinatsike, lotsalira m'mimba kapena m'mphechepeche, ndipo likasiyidwa limapitiriza kupanga tesitositeroni. Mphaka wothenedwa akapitiriza kununkha ndi kuchita zonse ngati kale, dokotala amayang'ana timinga tija, chifukwa timafota pakapita masabata pafupifupi 6 homoniyo ikatha, ndipo tikapezeka tilipobe ndiye kuti valo lina latsala.

Opaleshoni yake ndi yaifupi, ya mphindi zochepa, ndipo imachitika mphaka atagonekedwa ndi mankhwala kuti asamve ululu. Iyenera kuchitidwa ndi dokotala wa ziweto basi. Njira zomangira ndi mphira kapena zodula mphaka ali maso ndi nkhanza ndipo zimabweretsa kutaya magazi ndi kuola kwa bala. Dokotala adzakuuzani maola oti mphaka asadye opaleshoni isanachitike, ndipo ngati ali ndi bala la mafinya kapena thupi latentha adzayamba wachiza zimenezo. Ndi bwinonso kupempha kuti amuyeze magazi ngati ali ndi FIV, podziwa kuti ngati walumidwa posachedwa pamafunika kubwereza pakapita masiku 60, chifukwa kachilomboka sikaoneka msanga. Akabwera kunyumba mumusunge m'nyumba kwa masiku angapo mpaka bala litauma, ndipo musamulole kukumana ndi wamkazi wosatsekedwa kwa masabata 6, popeza mbewu zotsalira m'njira zikhoza kupereka bere. Pambuyo pake mudzaona kuti akudya kwambiri koma akuyenda pang'ono, ndiye muchepetse chakudya chake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kuti asanenepe mopitirira. Mukadzakhala ndi kamphaka kena, kathenedwe kali ndi miyezi 4 kapena 5, zonsezi zisanayambe.

Ntchito yotsala ndi yochotsa fungo lakale, chifukwa malo onunkha amamuitana kuti awazenso ngakhale atathenedwa. Musatsuke ndi mankhwala okhala ndi amoniya, popeza amoniya amapezekanso mumkodzo ndipo kwa mphaka amamveka ngati chizindikiro cha mnzake, ndiponso bulitchi amakopa amphaka ambiri m'malo mowathamangitsa. Sungunulani sopo wa ufa wochapira zovala, makamaka wa mtundu wokhala ndi maenzaimu, muyezo umodzi wa sopo pa miyezo 9 ya madzi ofunda, tsukani malowo ndi kupitirira pang'ono m'mbali mwake, tsukuluzani ndi madzi oyera n'kusiya kuti paume. Pakauma pukutanipo ndi sipiriti wa kuchipatala, mutayamba mwayesa pakangodya kuti muone ngati sakuononga utoto, ndipo mphaka asafikepo mpaka pataumiratu. Makatani achapidwe onse, ndipo kwa masabata angapo muwapinde kuti asafike pansi. Pamalo pomwe amakonda kuwaza ikanipo kambale ka chakudya chake chouma, chifukwa amphaka sakonda kuwaza pomwe amadyera, ndipo ngati pali windo lomwe amaonera amphaka akunja, phimbani chigawo chake cham'munsi ndi pepala. Usiku mumutsekere m'nyumba muli bokosi la mchenga woyera, popeza ndewu zambiri zimachitika kuyambira madzulo mpaka mbandakucha. Pakatha miyezi itatu chithenedwere iye akuwazabe, mubwerere naye kwa dokotala mutalemba malo, masiku ndi nthawi zomwe amawaza, kuti ayezedwe mkodzo ndi kufufuza chomwe chikumusowetsa mtendere.